Puloti, masheya, mbuzi kapena fikisidi: ndi chuma chiti chimene chimasanduka ndalama msanga?

Munthu angathe kukhala ndi puloti ku Chileka, khola la mbuzi kumudzi ndi masheya akampani ziwiri zitatu, koma nkugona m'maso muli gwa chifukwa cha ndalama imene ikufunika Lachisanu ndipo alibe. Chumacho ali nacho ndithu, vuto nlakuti sichisanduka ndalama panthawi imene iye akuzifuna.

Akatswiri azachuma amatchula nkhaniyi kuti likwiditi, ndipo m'Chichewa tinganene kuti kugulitsika msanga kwa katundu. Koma liwiro lokha silikwanira kufotokoza nkhaniyi, chifukwa chinthu chilichonse chimagulitsika lero lomwe ngati mwini wake wavomera kuchitaya. Ikani nyumba ya ku Namiwawa pamtengo wa njinga yamoto, pofika masana mupeza mzere wa anthu pageti. Chofunika kudziwa nchakuti katunduyo angasanduke ndalama mwachangu osataya mtengo wake weniweni. Poyeza zimenezi timayang'ana masiku amene angapite kuti ndalama ifike m'manja, kuchuluka kwa mtengo umene mungatsitse kuti wogula apezeke m'masiku amenewo, ndi ndalama zimene zingathere panjira kwa maejenti, maloya ndi misonkho.

Kuti tiyerekeze bwino, titenge chitsanzo chongopeka. Mayi wina wageni ku Limbe katundu wake wafika pachipata cha Mwanza, ndipo akufunika K3,500,000 ya msonkho ndi thiransipoti pasanathe masiku 7. Akachedwa, ndalama yosungitsira katunduyo ikhala ikukwera. Papepala mayiyu ndi wachuma. Ali ndi puloti imene anthu akuti ndi ya K12,000,000, masheya 40,000 akampani ina, tirezhale bilu ya boma, mbuzi 30 ku Ntcheu, K900,000 kubanki m'khonde, ndi K1,000,000 muakaunti ya fikisidi. Mitengo yonse imene ndigwiritse ntchito pano ndi yoyerekeza, koma kayendedwe kake ndi momwe zimachitikiradi.

Ndalama za m'manja, za pafoni ndi za kubanki

Izi ndiye muyezo umene zina zonse timayerekeza nawo. K100,000 ya muakaunti ya sevingi ndi K100,000 lero, popanda kunenerera. Ngakhale pamenepa pali tizipsinjo tina. Pa Airtel Money ndi TNM Mpamba pali malire a ndalama zimene mungasunge ndi kutumiza patsiku, ndipo amene anayesapo kutapa ndalama yochuluka kwa ejenti wapatauni yaing'ono amadziwa yankho lija lakuti "ndilibe kashi, mubwere madzulo". Izi zimangochedwetsa ndi maola ochepa, ndipo mtengo wa ndalamayo sutsika.

Fikisidi ndi ndalama imene mwailonjeza banki kuti simuitapa kwa miyezi ingapo, ndipo banki imakupatsani chiwongoladzanja chokwererapo chifukwa cha lonjezolo. Mukaithyola nthawi isanakwane, kawirikawiri ndalama imene munaikayo imatuluka mwachangu, koma mumaluza chiwongoladzanja china kapena chonse, malinga ndi zimene munasainirana. Mayi wathu akathyola yake, apeza K1,000,000 yake mawa kapena mkuja, nkutaya mwina K50,000 ya phindu. Ubwino wake ngwakuti chilangocho chinalembedwa kale pafomu, ndipo mungathe kuchiwerenga musanasaine.

Banki m'khonde ndiyo imadabwitsa anthu. Imaoneka ngati ili pafupi kuposa zonse, popeza bokosi lili m'nyumba ya msungichuma tsidya linalo la msewu. Koma m'bokosimo mulibe ndalama, zili m'manja mwa mamembala amene anakongola. Masheya anu amatuluka tsiku logawana, kawirikawiri kumapeto kwa chaka. Pakati pa chaka chimene mungachite nkukongola kugulu lomwelo ngati pamsonkhanowo pabwera ndalama, nkulipira chiwongoladzanja pa ngongole imene mbali ina ndi ndalama yanu yomwe. K900,000 ya mayiyu ilipo ndithu, koma pa vuto la sabata ino tisaiwerengere.

Tirezhale bilu

Imeneyi ndi ngongole imene munthu amabwereketsa boma kwa masiku 91, 182 kapena 364, kudzera ku Reserve Bank of Malawi. Mumaigula pamtengo wotsika, ndipo tsiku lake likakwana boma limakupatsani ndalama yonse yolembedwa pamenepo. Tinene kuti mayiyu anagula ya masiku 364 yolembedwa K5,000,000 pa chiwongoladzanja cha 26 peresenti, ndiye kuti analipira pafupifupi K3,970,000. Tsopano padutsa theka la nthawiyo, kwatsala masiku 182.

Boma silimubwezera lero, koma banki kapena kampani yogula mapepala otere ingathe kumugula biluyo. Akanaiwerengera pa 26 peresenti yomwe ija, mtengo wake lero ukanakhala pafupifupi K4,426,000. Wogulayo naye akufuna kudyapo, ndiye aiwerengera mwina pa 30 peresenti, nkupereka pafupifupi K4,349,000. Kusiyana kwake ndi K77,000, kosafika 2 peresenti, ndipo ndalama imalowa muakaunti m'masiku ochepa.

Wogula satsitsa kwambiri apa chifukwa palibe chokayikitsa. Akudziwa amene adzalipire, tsiku lake, ndi kuchuluka kwake mpaka tambala yomaliza. Bilu ya mayiyu ndi yofanana ndendende ndi ya munthu wina aliyense yokhwima tsiku lomwelo, ndipo palibe chifukwa chotumizira munthu kukaiyendera. Katundu yense amene ogula amamudziwa bwino chonchi sachedwa kugulitsika.

Masheya ndi mtengo wa munyuzi

Apa ndi pamene anthu ophunzira ambiri amapunthwa. Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange uli ku Blantyre, ndipo kampani yoyamba kulowapo inali NICO mu 1996. Pano pali mayina odziwika monga National Bank, Standard Bank, Press Corporation, Illovo, TNM, ndi Airtel ndi FDH Bank amene analowa mu 2020. Makampani onse pamodzi sakwana 20. Gawo lalikulu la masheya awo lili m'manja mwa eni ake akuluakulu ndi makampani osunga ndalama za penshoni ndi inshuwalansi, amene amagula nkusunga zaka zambiri. Amene amayenda m'manja tsiku ndi tsiku ndi ochepa, ndipo pali masiku amene sheya ya kampani ina sigulitsidwa nkomwe.

Mtengo umene mumauona munyuzi ndi wa malonda omaliza amene anachitika, mwina a masheya 500 okha, mwinanso a sabata yatha. Sizitanthauza kuti pali munthu amene akudikira kugula anu onse pamtengo umenewo. Zenizeni zili m'kaundula wa maoda amene buloka wanu, yemwe amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya pamsikawo, amaona, wosonyeza amene akufuna kugula, masheya angati, ndi pa mtengo wanji.

Masheya a mayi wathu malonda omaliza anali pa K102, ndiye papepala ali ndi K4,080,000. Buloka akutsegula kaundula ndipo akupeza ogula atatu: wina akufuna 10,000 pa K100, wina 15,000 pa K96, wina 20,000 pa K90. Kuti agulitse onse 40,000 lero, ayenera kutsika masitepe onsewa. Oyamba amupatsa K1,000,000, achiwiri K1,440,000, ndipo 15,000 otsalawo apita pa K90, yomwe ndi K1,350,000. Zonse pamodzi K3,790,000. Tichotsepo za buloka ndi zolipira zina, tingoyerekeza 2 peresenti, patsala pafupifupi K3,714,000. Changu chamudyera K366,000, pafupifupi 9 peresenti. Ndalamayo siituluka tsiku lomwelo, pamadutsa masiku angapo ogwira ntchito kuti malonda atsirizike, ndiye akapereka oda Lolemba ndi bwino kusiyana ndi Lachinayi.

Sheya yomweyo ndi yogulitsika msanga kwa munthu wa masheya 5,000, amene akanagulitsa onse pa K100, koma ndi yovuta kwa wa 400,000, amene akanamaliza ogula onse nkutsala ndi mulu m'manja. Choncho kugulitsika msanga kumadaliranso kuchuluka kwa katundu wanu poyerekeza ndi kukula kwa msika. Ndipo amene akusungabe satifiketi yapepala ya masheya amene anagula kalekale adziwe kuti ayenera kuyamba waalowetsa muakaunti ya CSD, yosungira masheya pakompyuta, kudzera kwa buloka asanagulitse. Ntchito imeneyo ndi yochitiratu lero, vuto lisanafike.

Mbuzi ndi chimanga: msika ulipo, koma nonse mumapita tsiku limodzi

Kumudzi mbuzi ndi banki, ndipo ili ndi ubwino umene puloti ilibe, woti imagawika. Mukafuna fizi ya mwana mmodzi, mumamasula chingwe cha mbuzi ziwiri, zinazo nkutsala. Tsiku la msika ogula alipo, mabutchala ndi okazinga kanyenya, ndipo ndalama ndi ya pompopompo.

Chovuta ndi nyengo. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka, fetereza wachiwiri akufunika ndipo sukulu zatsegulira, mudzi wonse umakokera mbuzi kumsika. Wogula akaona zingwe zambiri chotero sathamanga. Amayendayenda, kugwira msana wa iyi, kuseka mtengo wa iyo, podziwa kuti dzuwa likapendeka inu simufuna kubwerera nayo kunyumba. Chimanga nacho nchimodzimodzi koma nyengo yake ndi ina. Nthawi yokolola mavenda amakhazika masikelo awo paliponse chifukwa aliyense akugulitsa, ndipo thumba lomwelo limadzakwera mtengo m'miyezi ya njala, mwini wake atagulitsa kale.

Zimenezi zimachitika pa chuma cha mtundu uliwonse. Chimavuta kugulitsa panthawi yomwe mukufunitsitsa kuchigulitsa, chifukwa vuto limene lakugwirani lagwiranso anzanu. Mayi wathu akapita ndi mbuzi 30 pamsika umodzi, iye yekha ndi amene agwetse mtengo. Tinene kuti iliyonse ndi ya K80,000 akamagulitsa imodzi imodzi. Zonse pakamodzi kwa wogula mmodzi wa lole, mwina K60,000. Ataya K600,000 pa K2,400,000, osawerengera ulendo wa ku Ntcheu ndi mkangano ndi mlongo wake amene wakhala akuziweta ndipo amaziona ngati zake.

Puloti ndi nyumba

Amalawi timakonda malo, ndipo tili ndi zifukwa zomveka: malo sathawa, saola, ndipo kwacha ikagwa iwo amakwera. Koma pa zinthu zonse zimene tatchulazi, malo ndiwo ali ndi zonse zimene zimachedwetsa malonda.

Puloti iliyonse ili payokha. Palibe puloti ziwiri zofanana, ndiye palibe mtengo umodzi umene aliyense akuudziwa. K12,000,000 ya mayiyu inachokera kuti? Anamva kuti mnansi anagulitsa yake pamtengo umenewo. Koma ya mnansiyo ili m'mbali mwa msewu, mapaipi amadzi anafika, ndipo mwina inakhala miyezi 8 ikudikira wogula. Komanso anthu okhala ndi mamiliyoni 12 okonzeka, amene akufuna malo kudera lomwelo mwezi womwewo, ndi owerengeka pa zala. Malo sagawika mosavutanso. Mayiyu akufuna K3,500,000 yokha, koma sangadule kona ya puloti nkugulitsa pofika Lachisanu.

Chachikulu kuposa zonse ndi mantha a wogula. Aliyense anamvapo za puloti imene inagulitsidwa kwa anthu atatu, kapena ya masiye imene amalume anagulitsa ana osadziwa. Choncho wogula wanzeru amafuna kufufuza. Ngati malowo ali ndi lizi, apita kuofesi ya zamalo kukaona kaundula, kuti dzina lilipo ndi la wogulitsayo ndiponso kuti malowo sanaperekedwe chikole kubanki. Pamafunika chilolezo cha boma chosinthira umwini, kalata ya MRA yotsimikiza za msonkho, ndi kulipiratu ngongole za lendi ya malo ndi za khonsolo. Loya amalemba mapepala, ndipo wogula akamadalira ngongole ya banki pamabweranso katswiri woyeza mtengo. Zonsezi ndi masabata, nthawi zambiri miyezi, ndipo palibe amene akuchita ulesi. Ngati ndi malo a mfumu opanda pepala lina koma kalata ya anyakwawa, zinthu zimaoneka zachangu, koma ogula okhala ndi ndalama zambiri amawaopa, ndipo banki siwalandira ngati chikole. Mtengo umatsika chifukwa cha zimenezo.

Nanga amene angagule puloti m'masiku 7 ndani? Ndi munthu amene ntchito yake nkudikira anthu opanikizika. Iye amalumpha kufufuza kwina, ndipo chiopsezo chimenecho amachichotsera pamtengo. Apereka mwina K8,000,000. Dobadoba amene wamubweretsa afuna yake, tinene 5 peresenti, K400,000. Mayiyu atsala ndi K7,600,000 pa malo amene amawawerengera K12,000,000, ndiye kuti wataya K4,400,000, yoposa vuto lenilenilo limene amafuna kuthetsa. Ndipo mawu akuti "ndikugulitsa mwachangu, pali vuto" amene anthu amalemba pa zotsatsa zawo amangouza wogula kuti atsitse mtengo.

Nyumba ya lendi ili m'gulu lomweli, kungoti imabweretsa kenakake mwezi ndi mwezi podikirapo. Gawo la bizinesi ya pabanja ndiye lovuta koposa, chifukwa wogula ndi m'bale wanu yekhayo, ndipo iye akudziwa kuti palibe wina.

Ndiye mayiyu atani?

Tikaziika pamodzi yankho likuoneka. Tirezhale bilu yokha ikukwanira, ndipo changu chikumudyera K77,000. Masheya akukwaniranso koma pa K366,000. Mbuzi sizikufika pa ndalama yofunikayo ndipo zikutayitsa K600,000. Puloti ikutayitsa mamiliyoni anayi ndi kanthu. Akanakhala wopanda bilu, njira yabwino ikanakhala kusakaniza: kuthyola fikisidi, kugulitsa masheya 25,000 okha kwa ogula awiri oyamba aja kuti apeze K2,440,000, nkuwonjezera mbuzi ziwiri zitatu. Potero sakanafika pa sitepe ya K90 ija.

Pali njira inanso imene ambiri amathamangira, yokongola. Kubanki angathe kupereka bilu kapena fikisidi ngati chikole nkupeza ngongole mwachangu, chifukwa banki imadziwa mtengo wake. Chikole cha puloti chimatenga nthawi pa zifukwa zomwe zija. Wotsala ndi wakatapila, amene safunsa zambiri. Akati theka pamwamba pakutha mwezi, K3,500,000 isanduka K5,250,000, ndipo mapepala a puloti amakhala ali m'kabati mwake. Malo ambiri amachoka m'manja mwa eni ake kudzera khomo limeneli, popanda tsiku limene mwini wake anaganizapo zogulitsa.

Musathamangire kusunga zonse m'kashi

Wina atawerenga izi anganene kuti basi, fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndisunga ndalama zanga zonse muakaunti. Kumeneko nkulakwa kwina. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kumabanki, ndipo chaka chotsatiracho mitengo ya zinthu inkakwera mozungulira 30 peresenti pachaka. Amene anali ndi K12,000,000 musevingi ankatha kuitapa tsiku lililonse, koma mwezi uliwonse inkagula matumba ochepa a simenti kuposa mwezi wapitawo. Wa puloti sanamve ululu umenewo. Chuma chovuta kugulitsa nthawi zambiri chimalipira bwino mwini wake, ndipo mbali ina ya phindulo ndi malipiro a kudikira. Mumalipeza pokhapokha ngati mungathedi kudikira osakakamizika kugulitsa.

Maganizo anga ndi akuti munthu ayambe wawerenga ndalama imene ingafunike mwadzidzidzi pa moyo wake, osati wa munthu wina. Wapantchito yolandira pamwezi mwina ndi ya miyezi itatu ya lendi, chakudya ndi fizi. Wageni ngati mayiyu ndi msonkho wa ulendo umodzi wathunthu. Imeneyo ikhale musevingi ndi m'mabilu a masiku 91, ogulidwa mosiyanitsa miyezi kuti mwezi uliwonse ina izikhwima. Zotsalazo zipite ku masheya ndi malo.

Ndipo musanagule chinthu chilichonse, funsani za khomo lotulukira. Kwa buloka, musafunse mtengo wokha, funsani kuti mwezi wathawu masheya angati akampaniyo anagulitsidwa, ndipo wogula wapamwamba ndi wogulitsa wotsika akusiyana ndi makwacha angati. Akati K100 ndi K102, msika uli moyo. Akati K85 ndi K102, kapena kumbali ya ogula kulibe aliyense, dziwani kuti mukalowa mudzatuluka movutikira. Kubanki, werengani ndime ya chilango chothyola fikisidi. Kubanki m'khonde, funsani zimene malamulo agulu amanena za membala wofuna kutuluka pakati pa chaka. Pa puloti, funsani anthu oyandikana nawo kuti yomaliza kugulitsidwa inakhala miyezi ingati chikwangwani chili pamtengo. Ndipo mukaigula, sinthani dzina pamapepala chaka chomwecho ndi kumalipira lendi ya malo osadumphitsa, chifukwa puloti imene ikadali m'dzina la mwini wakale imafuna kuti mukamusake kaye iyeyo, kapena ana ake ngati anamwalira, musanayambe nkomwe kukambirana mtengo ndi wogula.